Kuchotsa ejenti pa nyumba ya lendi: mmene mungalandire makiyi, mapepala ndi ndalama zanu

Ndili ndi nyumba ku Kapata, m'tauni ya Chipata, koma ndimakhala ku Lusaka chifukwa cha ntchito. Pa pulotipo pali mabanja atatu: awiri m'nyumba yaikulu yogawa pakati, ndipo lachitatu m'kanyumba ka kuseri. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi ulendo wa makilomita oposa 550 pa msewu wa Great East, choncho sindikanatha kumapita mwezi ndi mwezi kukatenga lendi. Ndinapeza ejenti woti azitolera, azikonzetsa zowonongeka, kenaka azinditumizira zotsala atachotsapo komishoni yake. Zaka ziwiri zinayenda bwino. Chaka chachitatu ndalama zinayamba kubwera mochedwa, kenaka mopereŵera, kenaka foni inayamba kungolira osayankhidwa.

Ndikulemba zimene ndinachita pomuchotsa, ndi zimene ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Zikugwira ntchito kaya woyang'anira nyumbayo ndi kampani ya ofesi yake, kaya ndi munthu wamba amene munagwirizana naye pakamwa, kaya ndi mlamu wanu.

Chimene eni nyumba ambiri sachidziŵa ndi ichi: kuuza ejenti kuti “basi, ntchito yatha” sikukutetezani ngati matenanti sanauzidwe. Tenanti amene wakhala akulipira kwa ejenti miyezi yonseyi, ndipo palibe amene wamuuza kuti zasintha, akalipira kwa ejenti yemweyo ndiye kuti walipira kwa inu. Simungamuuze kuti alipirenso kachiŵiri. Ndalamayo mudzailondola nokha kwa ejenti. Ndondomeko yonse ili m'munsiyi yamangidwa pa mfundo imeneyi.

Choyamba: musamuuze kanthu, sonkhanitsani mapepala

Tsiku limene mtima wakwiya si tsiku loimba foni. Mukangomuopseza, munthu wosakhulupirika amathamangira kwa matenanti kukatenga lendi ya miyezi ya kutsogolo, amvekere, “Alandilodi ali pa vuto, lipirani miyezi iŵiri ndikuchotserani pang'ono.” Pofika inu mumapeza mphika wapsa kale.

Tengani mlungu umodzi mwakachetechete. Pezani pangano limene munasainirana naye, ngati lilipo, ndipo muyang'anemo zinthu zinayi. Notisi yothetsera pangano ndi ya nthaŵi yaitali bwanji? Iperekedwe m'njira yanji, kalata pamanja kapena imelo? Komishoni ndi ya ndalama zimene watolera kapena ya lendi yonse ngakhale sinatoleredwe? Nanga dipoziti ya matenanti akusunga ndani? Pangano langa linali la masamba aŵiri: notisi ya mwezi umodzi yolembedwa, komishoni ya 10 peresenti ya zimene watolera, dipoziti kwa iye.

Ngati munagwirizana pakamwa chabe, panganolo lilipobe, kungoti umboni wake uli m'mauthenga a pafoni ndi m'kayendedwe ka ndalama. Pamenepo mupatseni notisi yoyenerera. Poti lendi imayenda mwezi ndi mwezi, mwezi umodzi ndi wosavuta kuuteteza pamaso pa aliyense.

Kenaka tengani sitetimenti ya ku banki kapena ya Airtel Money kapena MTN MoMo, yoonetsa ndalama iliyonse imene anakutumizirani, tsiku ndi kuchuluka kwake. Musadalire mauthenga a mufoni okha, chifukwa ena munafafaniza osadziŵa. Jambulani macheza onse a pa WhatsApp musanakangane naye.

Dzifunseninso funso limodzi losautsa: kodi ejentiyu muli naye ngongole? Kumudzi kwathu kuno zimachitika kaŵirikaŵiri kuti munthu anakuthandizani simenti kapena malata, mukumuuza kuti “uzidzilipira pa lendi mpaka ithe.” Ngati munamupatsa mphamvu yotolera lendi monga chikole cha ngongole yake, simungangomuchotsa ngati mmene mungachotsere wantchito wamba. Muŵerengere ngongoleyo kaye, muilipire, kapena muonane ndi loya musanalembe kalata iliyonse.

Chachiŵiri: kalata ya ejenti

Ikhale yaifupi ndiponso yopanda chipongwe, chifukwa mwina tsiku lina idzaŵerengedwa m'khoti. Yanga inali motere:

“Ine mwini nyumba ya pa puloti nambala yakuti, Kapata, Chipata, ndikukudziŵitsani kuti ndikuthetsa pangano lathu loyang'anira nyumbayi. Notisi ya mwezi umodzi iyamba lero, 30 Juni, ndipo itha pa 31 Julaye. Komabe kuyambira lero musalandirenso ndalama iliyonse kwa matenanti, musasaine pangano lililonse m'dzina langa, musaloŵetse kapena kutulutsa munthu m'nyumba, ndipo musalembe mmisiri aliyense. Komishoni ya mwezi wa notisi ndidzaiŵerengera kwa inu. Pa 7 Julaye nthaŵi ya 10 koloko m'maŵa tikumane pa nyumbayo kuti mundipatse makiyi onse, mapepala onse, maŵerengero a ndalama kuyambira Januwale, lendi imene muli nayo ndi madipoziti a matenanti.”

Taonani mmene ndinalekanitsira zinthu ziŵiri. Pangano likutha pakatha mwezi, koma mphamvu yogwira ndalama yatha lero. Mwini nyumba ali ndi ufulu wolanda mphamvu imene anapereka yekha. Chimene notisi imateteza ndi malipiro a ejenti, osati dzanja lake m'thumba lanu. Ine ndinaona kuti kulipira K680 ya mwezi umene sanagwire ntchito n'kotchipa kusiyana ndi kumusiyira K6,800 ina m'manja.

Sindikizani makope aŵiri. Imodzi mumupatse, inayo asainepo ndi kulemba tsiku kuti walandira. Pitani ndi mboni imene si mkazi wanu kapena mwana wanu. Akakana kusaina, mboniyo ilembe pa kope yanu kuti kalata yaperekedwa tsiku lakuti, nthaŵi yakuti, ndipo wakana kusaina. Tsiku lomwelo mutumizireni chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp kapena pa imelo.

Pali chinthu china kwa amene munamusainira chikalata chomupatsa mphamvu zokuimirani, chimene maloya amati pawa ofu atone, makamaka inu okhala kunja kwa dziko. Kalata wamba siikwanira. Loya akulembereni chikalata chochotsa mphamvuzo. Ngati choyambacho chinalembetsedwa ku ofesi ya Lands and Deeds, chochotsacho chikalembetsedwenso komweko. Ngati mukusainira kunja kwa Zambia, chiyenera kutsimikizidwa kumeneko motsatira lamulo la Authentication of Documents Act, apo ayi kuno chikhoza kukanidwa. Aliyense amene anaonetsedwa chikalata choyambacho, monga banki, auzidwenso.

Chachitatu: matenanti, tsiku lomwelo

Osati maŵa. Mukachoka kwa ejenti, lunjikani ku nyumba. Ngati n'kotheka, yambani ndi matenanti m'maŵa, ejenti masana. Sankhaninso tsiku mwanzeru: masiku angapo mwezi usanathe, malipiro asanaloŵe. Ine ndinachedwa, ndinafika pa 30, ndipo banja lina linali litalipira kale.

Musaganize kuti akulandirani ndi manja aŵiri. Aŵiri mwa matenanti anga anali asanandionepo. Nditagogoda pa khomo loyamba, mayi wa m'nyumbamo anatsegula pang'ono chabe, dzanja lili pa chitseko.

“Muli bwanji amayi? Ndine mwini nyumba ino.”

“Tili bwino kaya inu abambo. Koma pepani, ife alandilodi athu timaŵadziŵa, amabwera pa njinga ya moto.”

Sanalakwe. Anthu amaberedwa ndi achinyengo odzitcha eni nyumba, ndipo tenanti wanzeru sangasinthe kolipira chifukwa chakuti mlendo wavala jekete. Ndinatulutsa reji yanga, kope ya taitolo ya pulotiyo yokhala ndi dzina lomwelo, ndi pangano langa ndi ejenti. Ndinali nditabweranso ndi bambo wina wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, amene anandiona ndikumanga. Iwo atangoti, “Amake mwana, aŵa ndiwo eniake, maziko aŵa ndinaona akukumba,” chitseko chinatseguka ndipo mpando unatuluka.

Banja lililonse lilandire kalata yakeyake. Inene kuti kuyambira tsiku lakuti munthu uja sakuimiriranso mwini nyumba, kuti lendi izilipiridwa pa akaunti kapena nambala yakuti yokha, kuti ndalama yoperekedwa kwa ejenti kuyambira tsikulo siidzaŵerengedwa, ndiponso kuti pangano lawo la nyumba silikusintha. Mfundo yomalizayi muinene ndi pakamwa pomwe, chifukwa mantha a tenanti aliyense ndi akuti mwabwera kudzakweza lendi kapena kudzamutulutsa. Asaine pa kope yanu.

Ndipo n'zoona kuti silikusintha. Pangano limene ejenti anasainirana ndi tenanti pamene anali ndi mphamvu likukumangani inu. Ngati analonjeza K2,500 kwa chaka, ndi K2,500 mpaka chaka chithe, ngakhale mukuona kuti nyumbayo ingapite pa K3,000. Kuchotsa ejenti sikupatsa mwini nyumba ufulu wotulutsa tenanti, kumutsekera kunja kapena kumulanda katundu. Pa nyumba zogona, lamulo la Rent Act limafuna kuti zimenezo zidzere ku khoti.

Mutakhala pansi, apempheni akuonetseni malisiti onse ndi mauthenga a ndalama zimene anatumiza, ndipo mujambule chilichonse. Mufunse aliyense mafunso omwewo: munaloŵa liti, mumalipira zingati, mwalipira mpaka mwezi uti, dipoziti munapereka zingati, chinawonongeka n'chiyani ndipo anakonza ndani. Funso la “mumalipira zingati” musalidumphe poganiza kuti yankho mukulidziŵa. Pali eni nyumba amene amazindikira pamenepa kuti tenanti amalipira zambiri kuposa zimene ejenti amanena.

Amene alibe malisiti chifukwa ankapereka pamanja, musamutenge ngati wabodza. Lembani pamodzi miyezi imene akuti analipira, asaine, ndipo pepalalo mudzaliika pamaso pa ejenti.

Chachinayi: madzi, magetsi, khonsolo

Apa sipafuna mawu ambiri, pafuna miyendo. Pitani ku Eastern Water and Sanitation Company ndi nambala ya akaunti mukatenge sitetimenti, muone ngongole ndi dzina limene lili pa akauntiyo. Lembani nambala ya mita ya ZESCO ya nyumba iliyonse, ndipo mufunse ngati pali ngongole yakale imene ikudulidwa pogula mayunitsi. Ku Chipata City Council funsani za mareti a nyumba. Ngati puloti ili pa taitolo ya boma, onaninso giraundi lendi ku Unduna wa za Malo. Kulikonse kumene ejenti anaikako nambala yake ya foni, ikani yanu.

Msonkho wa lendi ku ZRA nawo muuyang'ane. Kuyambira mu 2022 mwini nyumba ndiye amaulipira yekha pa TPIN yake. Ngati munkadalira ejenti kuti azikulipirirani, loŵani muone ngati zinalipiridwadi, ndipo musinthe pasiwedi imene munamupatsa. Ngongole ya msonkho imatsata inu, osati iye.

Chachisanu: tsiku lolandira makiyi ndi mapepala

Mukumane pa nyumba penipeni, osati ku ofesi yake kapena pa malo omwera. Kiyi imadziŵika pa chitseko. Ejenti wanga anabwera ndi mulu wa makiyi omangidwa pa waya, ena adzimbiri, akuti “onse ali pamenepa, bwana.” Tinayenda khomo ndi khomo kuyesa, matenanti alipo. Mwa makiyi 11, anayi sanatsegule chitseko chilichonse cha pa pulotiyo, ndipo ya geti yaing'ono ndi ya sitolo ya kuseri panalibe. Tikanakumana m'tauni ndikanasaina kuti ndalandira zonse.

Lembani pepala la zolandira: kiyi iliyonse ndi chitseko chake, pepala lililonse ndi dzina lake, ndi zimene zikusoŵa. Nonse aŵiri musaine, mboni isainenso. Musalembe mawu akuti “palibenso china chotsala pakati pathu” pa pepala la makiyi. Mawu amenewo ndi a tsiku limene ndalama yomaliza yaloŵa.

Ngakhale abweze makiyi onse, simungadziŵe kuti anadulitsa angati. Kudulitsa kiyi pa msika ndi ntchito ya mphindi zochepa. Sinthani maloko a geti ndi a sitolo tsiku lomwelo. Pa zitseko za panja za matenanti, matenantiwo agwirizane nazo kaye, akhalepo pamene kalipentala akusintha, ndipo alandire makiyi atsopano nthaŵi yomweyo. Ngati loko ndi ya silinda, mungosintha silindayo osachotsa loko yonse. Ngati ndi motisi loko ya makiyi aatali aja, imafuna kusintha yonse.

Mapepala oti abwere ndi aŵa: mapangano a matenanti enienieni osati makope, buku la malisiti ndi zotsalira zake, makope a mareji a matenanti ngati anatenga, malisiti a zokonzetsa ndi a mabilu, ndi pepala lililonse la umwini wa nyumba limene munamusungitsa. Yang'anani dzina limene lalembedwa ngati mwini nyumba pa mapangano aja. Pa limodzi la anga, ejenti anadzilemba yekha ngati landilodi, dzina langa osaonekapo. Tinalemba latsopano ndi tenantiyo, lendi yomweyo, tsiku lothera lomwelo.

Ngati ali ndi taitolo yeniyeni ya nyumba yanu, imeneyo ndiyo yoyamba kuitenga, ngakhale musanamupatse notisi, mwa kungomuuza kuti mukuifuna. Akayamba kuzengereza, kachititseni sechi ku Lands kuti muone ngati palibe chimene chalembetsedwa pa pulotiyo inu osadziŵa, ndipo mupite kwa loya mlungu womwewo. Lendi ya miyezi iŵiri ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi taitolo imene yapita kwa wobwereketsa ndalama za kaloba.

Chachisanu ndi chimodzi: kuŵerengera ndalama

Apa ndiye pamene pali ntchito, ndipo apa ndi pamene anthu amagonja chifukwa chongokalipa kuti “wandidyera ndalama zambiri” osatha kunena kuti zingati. Ejenti ali ndi udindo wokuŵerengerani ndalama iliyonse imene analandira m'dzina lanu. Koma musadikire maŵerengero ake. Pangani anu kuchokera ku malisiti a matenanti, kenaka muyerekeze.

Anga anayenda chonchi. Mabanja aŵiri a m'nyumba yaikulu amalipira K2,500 lililonse, la kuseri K1,800. Pamwezi ndi K6,800. Kuchotsa komishoni ya K680, ndinkayenera kulandira K6,120.

Ndinayamba ndi zimene ejenti anatolera kuyambira Januwale. Banja loyamba linalipira miyezi yonse isanu ndi umodzi, K15,000, ndipo mu Juni ejenti analinyengerera kulipiriratu Julaye ndi Ogasiti, K5,000 ina. Banja lachiŵiri linalipira miyezi isanu, K12,500. Ejenti ankandiuza kuti banjali lili ndi ngongole ya miyezi itatu, koma malisiti olembedwa ndi dzanja lake lomwe anaonetsa kuti ndi mwezi umodzi wokha. Banja la kuseri linalipira yonse, K10,800. Zonse pamodzi K43,300.

Kenaka ndinachotsa zimene zinali zake ndithu. Komishoni ya Januwale mpaka Juni, pa K38,300 imene anatolera ya miyezi imeneyo, ndi K3,830. Ndinawonjezapo K680 ya mwezi wa notisi monga ndinalonjezera. Ya Ogasiti sanayenere, chifukwa pangano linali litatha. Zake zonse K4,510.

Ndinachotsanso zimene ananditumizira: K6,120 kanayi, Januwale mpaka Epulo, ndiyo K24,480, ndi K3,000 mu Meyi. Mu Juni sanatumize kanthu. Zonse K27,480.

Mkangano unali pa zokonzetsa. Iye analemba K4,200. Ndinatenga chimodzichimodzi. K1,500 ya paipi ndi thanki ya chimbudzi inali ndi lisiti ya ku hadiweya, tenanti anavomereza kuti pulambala anabwera, ndipo thanki yatsopanoyo ndinaiona ndi maso. Ndinavomera. K900 anati analipira bilu ya madzi, koma sitetimenti inaonetsa kuti ngongoleyo ikadalipo. Ndinakana. K1,800 anati ndi penti ya kanyumba ka kuseri. Tinapita tonse kukaima m'chipindamo: khoma linali ndi mwaye wa mbaula wa chaka chatha ndi zolembalemba za ana. Iye anayang'ana kudenga, ine ndinafafaniza mzerewo.

Choncho pa K43,300 kuchotsa K4,510, kuchotsa K27,480, kuchotsa K1,500, panatsala K9,810 ya lendi. Pamwamba pake panali madipoziti a mwezi umodzi banja lililonse, K6,800. Zonse K16,610.

Za dipoziti ndinenepo pang'ono, chifukwa ambiri amaiiŵala. Ndalamayo si ya ejenti ndipo si yanu, ndi ya tenanti. Koma tsiku limene tenanti adzasamuke adzaifuna kwa inu, chifukwa ejenti anailandira m'dzina lanu. Mukaisiya, mudzaibweza kuchokera m'thumba lanu. Chimodzimodzi ndi K5,000 ija yolipiriratu: banja loyamba linakhala Julaye ndi Ogasiti osandipatsa kanthu, ndipo linali m'chilungamo chake. Ndinalilembera kalata yovomereza kuti lalipira mpaka 31 Ogasiti, ndiponso banja lililonse ndinalilembera kuchuluka kwa dipoziti yake, ngakhale ndalamazo zinali zisanafike kwa ine.

Ejenti angakuuzeni kuti sabweza ndalama kapena mapepala mpaka mumulipire komishoni yake. Njira yothetsera zimenezi ndi imene ndaonetsa pamwambapa: muŵerengereni zake zonse poyera, azichotse pa ndalama imene ali nayo, ndipo chifukwa chogwirira zotsalazo chimatha.

Akapanda kubweza

Wanga sanakane maŵerengero, anangoti ndalama alibe, inaloŵa mu bizinesi ya soya. Ndinamupempha alembe ndi dzanja lake kuti ali ndi K16,610 yanga, ya lendi ndi madipoziti a nyumba yakuti, ndi masiku amene adzalipire. Analemba, anasaina, mboni inasaina. Pepala limeneli ndi lamphamvu kuposa malisiti onse aja, chifukwa ku khoti sipakhalanso kukangana za kuchuluka kwa ndalama. Akakupatsani zina pang'ono, landirani, koma lisiti yanu inene kuti ndi gawo chabe ndi kuti kwatsala zingati.

Tsiku likadutsa osalipira, mulembereni kalata yomaliza yomupatsa masiku 7 kapena 14, yonena kuchuluka kwa ndalama, kolipira, ndi kuti mukapanda kulandira mupita ku khoti. Akapitirira, njira zilipo zitatu, ndipo mutha kuziyenda pamodzi.

Ngati ndi ejenti wa ntchito yake, funsani ku Zambia Institute of Estate Agents, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la Estate Agents Act la mu 2000, ngati analembetsedwa. Ngati ali m'kaundula wawo, kaperekeni dandaulo lolembedwa pamodzi ndi makope a umboni. Munthu amene amadya ndi dzina lake salola kuti nkhani ifike kumeneko. Ngati sanalembetsedwe pamene amadzitcha ejenti, auzeni a bungwelo zimenezo, koma ndalama yanu mudzaifuna kudzera ku khoti.

Ku khoti la majisitireti ku Chipata, pitani kwa kalaliki ndi fayelo yanu mumufunse khoti loyenera ndalama ya msinkhu umenewo ndi ndalama yotsegulira mlandu. Ngati mulibe ya loya, funsani ku Legal Aid Board. Musagone nayo nkhani: mlandu wa pangano uli ndi malire a zaka 6, koma vuto lenileni limabwera msanga kuposa apo, tenanti amene anali mboni yanu akasamukira ku Petauke ndi kusintha nambala.

Ku polisi n'koyenera pamene pali umboni wa kuba kapena chinyengo, monga malisiti abodza, kukana ndalama imene anasainira, kapena kupitiriza kutolera lendi atalandira kale kalata yanu. Koma kusagwirizana pa mtengo wa paipi si mlandu wa polisi, ndipo ngakhale munthu atamangidwa, sindiye kuti ndalama yabwera. Zomulanda njinga kapena kumulemba pa Facebook kuti ndi mbala zisiyeni. Zimangomupatsa mlandu wokusumirani inu.

Ngati woyang'anirayo ndi wachibale

Mapepala ndi omwewo, kusiyana kwake ndi kakhalidwe. Mlamu kapena mphwanu simungomuponyera kalata. Yambani mwauza amalume kapena ankhoswe kuti mukufuna kutenga nyumba m'manja mwanu, ndipo iwo akhalepo pa tsiku la makiyi ndi maŵerengero. Koma kuŵauza akuluakulu kusachedwetse kalata za matenanti. Nkhani ikangomveka m'banja m'maŵa, madzulo imakhala yafika kwa wachibaleyo, choncho matenanti auzidwe tsiku lomwelo. Ndipo banja likagamula kuti mumukhululukire zina, lembani kuti mwakhululuka zingati ndipo zatsala zingati. Madipoziti musaŵaike m'gulu lokhululuka, chifukwa si anu.

Ejenti wanga analipira K10,000 kumapeto kwa Julaye, kalata ya masiku 14 itamufika. K6,610 yotsalayo inabwera kaŵiri, K4,000 mu Sepitembala ndi K2,610 mu Novembala. Itangoloŵa yomalizayo ndi pamene ndinamulembera kuti palibenso chotsala pakati pathu. K6,800 ya madipoziti ndinaiika pa akaunti yapadera imene sindikhudza. Tsopano matenanti amalipira mwachindunji pa akaunti yanga pofika pa 5, ndipo bambo wachikulire uja wa nyumba yoyandikana nayo amasunga kiyi ya geti ndi ya sitolo, amaitana pulambala pakafunika, koma mmisiriyo ndimamulipira ndekha pa foni nditaona chithunzi cha ntchito.